Angelo a m'nyimbo ya a Gregorio

Mayi Elube Kachingwe amaphunzitsa Chichewa pa sekondale ina kufupi ndi Chezi, ndipo kuyambira pa utsikana wawo ankaimba kwaya kutchalitchi. Choko chinawawononga pakhosi, koma mawu awo ankamveka mpaka panja. Lero saimbanso kwaya, ndipo aliyense amadziwa chifukwa chake.

Pokonzekera chikondwerero cha makwaya ku parishi, mkulu wa kwaya, a Gregorio, anapeka nyimbo yatsopano. Inali yokoma ndithu. Koma mzere woyamba unkati, "Khamu la angelo oyera a kumwamba akuimba."

Mayi Kachingwe anaimika mkono. "Abambo, pamenepo ndi *likuimba*. Tikukamba za khamu. Khamu likuimba, angelo akuimba."

"Nanga m'khamumo muli ndani? Si angelo?" anafunsa a Gregorio.

"Mulidi angelo. Koma mwininkhani ndi khamu. Mawu ena onsewo angofotokoza za khamulo, ndiye mneni atsate khamu ngakhale latsala kutali. Ndime yachiwirinso mwati, 'Chikondi cha Ambuye athu achifundo atisunga.' Chikondi *chatisunga*."

"Umenewo ndi ulemu kwa Ambuye."

"Ulemu mwapereka kale pa *athu*. Chikondi sichilandira ulemu wa munthu wamkulu."

Atsikana ena anaseka, ndipo a Gregorio zinawapweteka. Anati nyimbo si mayeso, salola munthu kuikhudza.

Mwina zikanathera pomwepo. Koma sabata yotsatira Abigail, mtsikana wa Folomu 3 yemwe ankaimbanso kwaya, analemba m'chimangirizo kuti, "Gulu la alimi a m'mudzi mwathu apita kumsika." Aphunzitsi atazunguliza *apita* ndi cholembera chofiira n'kulemba *lapita*, iye anati, "Komatu kutchalitchi timaimba choncho."

Pokonzekera nyimbo Loweruka, Mayi Kachingwe anaimba *likuimba* ndi mphamvu zawo zonse. A Gregorio anaimitsa ng'oma.

"Mayi, muimbe monga anzanu, apo ayi mutipatse mpata."

"Ana awa ndimawaphunzitsa ine. Sindingawaletse Lolemba zomwe ndaimba nawo Lamulungu."

Anatenga chikwama chawo n'kutuluka. Amayi anzawo anawatsatira kunyumba kukawanyengerera kuti akapepese, chifukwa nkhani yake inali ya kachilembo chabe. Iwo anawaphikira tiyi, koma anakana.

Ku chikondwerero anapita okha pa kabaza, nakhala pa benchi yakutsogolo. Nyimbo itayamba anaimba zawo mokweza. Atsikana a kusukulu anasokonezeka, ena kutsata aphunzitsi, ena a Gregorio, moti mzere woyamba unangomveka phokoso. Kwayayo sinapambane, ndipo anthu ambiri analoza chala Mayi Kachingwe. Kwa miyezi ingapo ena sankawapatsa moni.

Patapita nthawi a Gregorio anasintha mwakachetechete ndime yachiwiri ija, n'kutumiza uthenga kuti abwerere.

"Nanga khamu lija?" anafunsa Mayi Kachingwe.

Wotumidwayo anavomera kuti mzere woyambawo sanausinthe.

"Mukawauze kuti ndathokoza. Pa benchi pomwepo ndikumva bwino."