Maselo Anthete a Mai Lonia

A Fyness Mbewe agwira mu labu ya chipatala chathu ku Chadiza zaka khumi ndi ziwiri, ndipo salola kuthamangitsidwa. Ine namwino ndakangana nawo kangapo.

Mai Lonia a ku Zingalume anatha magazi atabereka. Atamwa mapiritsi a ayironi owonjezera magazi sabata yathunthu, muyeso wa magazi unali usanakwere. Anandiuza kuti awasiya, azimwa madzi a masamba a kotapeya.

A Fyness anawapempha kuti adikire. Anathira utoto wabuluu m'dontho la magazi awo, nawerenga maselo ofiira chikwi chimodzi pa maikulosikopu, kufuna anthete, ongotuluka kumene m'mafuta a m'mafupa, omwe amaoneka ndi timizere tabuluu. Atawayeza koyamba, asanayambe mapiritsi, anapeza lanthete limodzi pa zana lililonse. Tsopano analipo asanu ndi awiri.

"Mai, mafupa anu ayamba kupanga magazi," anatero a Fyness. "Chimanga chamera. Mukufuna kuzula chifukwa sichinabereke?"

Mai Lonia anamanganso mapiritsi aja pansonga ya chitenje. Patatha mwezi anabweranso, akupalasa okha njinga, mwana kumsana.