Chala cha a Masuzgo m'chitini

A Masuzgo ndi kalaliki pa ofesi ina pano pa boma la Nkhata Bay, pomwe ine ndakalambira pa umesenjala. Munthuyu amadya chimanga chootcha ali chiimire, foni kukhutu, mafayilo kukhwapa. Ngakhale moni amapereka atadutsa kale.

Ndiye a Keziah, aphunzitsi a ku Mzuzu omwe bwanayu akufunsira, adawapatsa kaduwa ka masamba okhaokha, koyanga ngati kholowa. Adati kakafika Khrisimasi kali moyo, a Masuzgo atumize thenga kwa makolo. Kakafa, ndiye kuti mwamunayu alibe nthawi yosunga chamoyo.

A Masuzgo adakaika m'chitini cha penti patebulo, n'kumakathirira m'mawa ndi madzulo ngati mbewu ya mpunga. Pofika Okutobala masamba adachita chikasu. Adandiitana nkhope ili gwa.

“Ada, kakufa ndi ludzu kodi?”

“Kakumira, bwana. Mwakakwezetsa bwato lobooka.”

Koma zoona zake chitinicho ndiye chinalibe bowo. Ndidachiboola kunsi ndi msomali, tidasintha dothi lonunkhalo, kunsi n'kuikako mbale. Kenako ndidawalembera pepala ndi Sitandade 4 yangayi, tidalimata pakompyuta:

Lolemba lokha, tiyi asanapse.
Pisani chala m'dothi, chilowe theka. Dothi likauma thirani madzi mpaka adonthe kunsi. Likanyowa, manja m'thumba.
Tayani madzi a m'mbale.
Tembenuzani chitini, mbali inayo ionenso windo, koma dzuwa lisakawombe.
Pukutani fumbi pamasamba, suzumirani kunsi kwake ngati kuli tizilombo toyera.
Lachikasu budulani.
Masiku enawo kasiyeni, gwirani ntchito ya boma.

Adadandaula kuti zachepa, chikondi chotani cha Lolemba lokha. Ndidawauza kuti akazi anga ndakhala nawo zaka makumi anayi chifukwa sindiwafunsa kawirikawiri ngati ali bwino.

Milungu itatu chala chinkatulukabe chonyowa, chonsecho sadathire. A Masuzgo adayamba kukayikira sukulu yanga. Ine ndidanunkhiza dothi: shuga ndi mkaka. A Simon, dalaivala wathu, ankakhuthuliramo tiyi wotsala, ati kuthandiza mnzawo akwatire. Tidawalembera lawo pepala la mzere umodzi: imwani yense.

Kuyambira apo Lolemba lililonse ofesi yonse imasuzumira kalaliki wa taye akupisa chala m'dothi ngati akuyesa phala la mwana. Amalengeza yekha, “Chouma!” ife n'kuwomba m'manja.

A Keziah adatsika minibasi sabata ya Khrisimasi. Adapeza timasamba tinayi tatsopano, nsonga italendewera kale m'mphepete mwa tebulo. Adawerenga pepala langa, adatulutsa cholembera chofiira n'kukonza mawu atatu omwe ndidaphonya. Atatero adafunsa a Masuzgo ngati thenga adamupeza.

Bwanayu adandiyang'ana ine. Jekete ndachapitsa kale. Tikukwera ya ku Mzuzu Loweruka.