Malata a Achimwene ndi Mkazi wa Mufoni

Alamu anga atamwalira, achimwene anasudzulidwa monga mwa mwambo, nabwerera kwathu ku Mongue ndi njinga, khasu ndi chikwama cha zovala basi. Zaka zonse zija anali mkamwini kwa eni ake. Nyumba imene anamanga kumeneko titangobwerako kumisasa ya othawa nkhondo ku Malawi, mango amene anadzala, ngakhale ana amene anabereka, zonse zinatsala kuchikazi. Munthu wa imvi kumutu kuyambanso ngati mnyamata, zinandimvetsa chisoni kwambiri.

Ndinawapatsa malo kumtunda kwa nyumba yanga. Anaumba njerwa okha, kuwotcha okha, makoma n'kukwera. Simenti tinalibe, anamangira dothi. Atagulitsa nandolo ndi nyemba za chaka chimenecho anagula malata ku Milange, tinawatsamiritsa pabalaza panga. Kunangotsala mitengo ya denga ndi misomali. Nyumba yomangira dothi imafuna denga mvula isanagwe, apo ayi mwagwira ntchito ya bule.

Anali ndi foni yaikulu imene anawatumizira mwana wawo amene amagwira ntchito ku Nampula, kuti azionana nkhope. Anawalowetsanso m'gulu lina la pa intaneti la anthu amene anakhalako kumisasa. Achimwene anaikamo chithunzi cha malemu akazi awo ndi mawu olira. Pamenepo mpamene panatulukira mkazi wina. Anayamba ndi kupepesa maliro, kenako anati pagulu pali phokoso, azicheza awiri kumbali.

Ankati anabadwira kumisasa komweko, makolo ake ndi a ku Majaua, ndipo tsopano ali ku Portugal, akusamala nkhalamba za azungu. Mwamuna wake anamwalira. Pachithunzi anali mayi wosalala, wa mpango wabuluu, mano oyera mbee. M'mawa uliwonse uthenga: mwadzuka bwanji, mwadya kodi, msana uja uli bwanji. Achimwene, amene ankadya atazolika ngati akuwerenga nyerere, anayamba kuimba mluzu pouma njerwa. Ndisaname, poyamba ine ndinathokoza Mulungu.

Inadutsa miyezi osatchula za ndalama, ndipo mpamene panali msampha. Akanapempha sabata yoyamba, achimwene si mwana, akanamuthamangitsa. Iye anadikira mpaka mawu ake anasanduka ngati mchere m'ndiwo.

Tsiku lina ndinawapeza akumwetulira foni, ndinati, "Achimwene, tandionetseni alamu atsopanowa tilankhulane maso ndi maso. Si mmene mumachitira ndi mwana wanu?"

"Kamera yake inafa, chemwali," anatero.

Mwezi wotsatira ndinafunsanso. Akuti bwana wake saloleza. Ulendo wina akuti netiweki. Aa! Ku Ulaya konseko kusowa foni yobwereka? Nambala yakenso inali ya konkuno. Akuti anaisunga dala kuti asaiwale kwawo. Ndinazindikiranso kanthu kena. Akamakumbutsana za kumisasa, iye ankangobweza zimene achimwene anena dzulo lake. Achimwene akati mzere wa ufa unkatalika, iye mawa lake, ee, mayi anga ankanena za mzere uja. Chake chake iye sanabweretsepo n'chimodzi chomwe.

Pempho loyamba linali laling'ono. Akuti msuweni wake wadwala ku Mocuba, ndalama zake iye zatsekeredwa kubanki, adzabweza pakutha pa mwezi. Popeza ine ndimapita kumsika ku Milange kukagulitsa nyemba, achimwene anandituma kuti ndikatumize kwa ajenti wa ndalama za pafoni. Dzina limene linatuluka pafoni ya ajentiyo linali la mwamuna. Ulendo wachiwiri, nambala ina, dzina linanso. Wachitatu sananditume. Ndinangomva kuti mbuzi imene anagula atabwerera kuno yagulitsidwa.

Ndinawafunsa, ndipo mmene ndimafunsira ine si mwaulemu kwenikweni. Anayankha mofatsa kuti mayiyo wawapempha kuti nkhani zawo zisamatuluke, chifukwa achibale amachita nsanje. Ndinapsa mtima. Nsanje ine? Ine amene ndinaberekedwa kumsana kwa iwowa powoloka Ruo, zipolopolo zikulira kumbuyo?

Patapita masiku anabwera kwanga atavala malaya a kutchalitchi, nakhala pampando mwaulemu ngati mlendo.

"Chemwali, nkhaniyi yakula. Mayiyu akubwera kudzakhala kuno. Amalume athu onse anatha, ndiye nkhoswe yanga ukhale iweyo."

Mtima unandiuza kuti ndikane, koma ndinaona kuti apa mpamene pali khomo. Ndinati, "Chabwino achimwene. Koma unkhoswe sauchita munthu mmodzi. Mnzanga wa kuchikazi ndani? Ndikamuone, tikhale pamphasa."

Foni inakhala chete tsiku lonse, kenako inabwera nambala ya amalume ake. Ndinaimba. Anayankha bambo wa mawu onenepa, waulemu wochita kunyanya. Ndinati ndikufuna kubwera kumudzi ndi nkhuku. Iwo akuti ayi mayi, musavutike, njira ndi yoipa, komanso panopa ndili kuchipatala. Zonse tingathe kumalizira pafoni pompano. Mungotumiza malowolo, mtengo wa ng'ombe.

Ndinachita kuyang'ana foniyo. Malowolo ku Majaua? Kwathu kuno mkazi salowoledwa ndi ng'ombe. Mwamuna ndi amene amapita kukakhala kwa mkazi, ankhoswe amakumana, kudya nkhuku, kudziwana nkhope kuti mawa banja likavuta adziwe khomo logogoda. Nkhoswe yokana kuonedwa ndi ya ntchito yanji? Ndinawauza achimwene kuti bamboyu si wa ku Majaua, ndipo mwina Majaua sanapondeko n'komwe. Iwo anati anthu okhala kutali amatengera miyambo ya eni ake.

"Basi ndipita ndekha," ndinatero. "Mudzi anautchula, tchalitchi anachitchula. Ndikawapeza abale ake, ndidzakugwadirani pamaso pa anthu. Koma malatawa musawakhudze mpaka ndibwere."

Anavomera ndi mutu, maso ali kumbali.

Ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, kwinako njinga ya kabaza, fumbi mpaka m'mano. Mudziwo unalipodi, tchalitchinso chinalipo. Ndinakhala pansi pa mtengo ndi amayi achikulire amene anali kusenda chinangwa, anthu amene anapita kumisasa n'kubwerako ngati ife. Anthu amenewa amadziwa aliyense: amene anafera kumeneko, amene anakwatiwa ku Mulanje osabwerera, amene anasowa osamvekanso. Ndinatchula dzina la mayi uja, la mayi ake, la amalume aja. Ndinaonetsa chithunzi chimene ndinachita kutsanulira m'foni ya mwana wanga. Chinayenda dzanja ndi dzanja mpaka chinabwerera kwa ine.

Mayi wina anapukuta manja pachitenje nati, "Mayi, mwana wobadwira kumisasa ali ndi make, ndipo makeyo ali ndi mbumba yake. Munthu sangachoke pamudzi osasiya ngakhale manda. Ameneyu si wathu."

Anandipatsa malo ogona, sanandiseke. Ndinabwerera mawa lake, nkhuku yanga ili m'manja.

Nditalowa m'nyumba, pabalaza panali mbee. Pakhoma panangotsala mizere pamene malata anatsamira. Ndinakhala pansi pomwepo.

Achimwene anafotokoza okha, ali chiimire pakhomo. Nditangonyamuka, uthenga unabwera. Mayi uja akuti anafuna kuwadzidzimutsa, wafika kale pabwalo la ndege ku Nampula, koma amugwira chifukwa cha katundu wambiri amene wanyamula, mphatso zathu, ndi ndalama zomalizira nyumba. Pakufunika chindapusa lero lomwe, dzuwa lisanalowe, apo ayi akagona kundende. Anatumiza mawu akulira. Achimwene anati awuza mwana wawo, poti ali ku Nampula komweko, kuti athamangireko. Iye anakana, akuti akuchita manyazi kuonana ndi mwana wawo koyamba ali m'manja mwa apolisi. Achimwene anaitana wamalonda wina amene anatenga malata onse pamtengo wotaya.

Zimene ndinalankhula tsiku limenelo anamva ndi a tsidya lina la dambo. Ndinawauza za ku Majaua. Ndinati munthu amene miyezi yonseyi sanakuonetseni nkhope, amene ndalama zake zimalandiridwa ndi mayina a amuna osiyanasiyana, amene mavuto ake onse ndi a lero lomwe, amene akukuuzani kuti mubise kwa mlongo wanu, ameneyo ndi mkazi kapena ndi mbava? Mwina ndi mnyamata wa ndevu ali pa Limbe apa akumwa tiyi ndi malata anu!

Foni inalira m'thumba mwawo. Akuti chindapusa chalandiridwa, koma patsala ya sitampu, agulitse njinga. Achimwene anakhala pa njerwa, nalemba pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, akutchula mawuwo mokweza kuti ndimve. Anati ndilibenso kanthu mayi, katunduyo musiyeni, mubwere chimanjamanja, nyumba tidzafolera limodzi. Kungoti ndionetseni nkhope yanu kamodzi kokha.

Tinadikira. Uthenga unaonetsa kuti wawerengedwa. Kenako chithunzi cha mpango wabuluu chija chinazimiririka, panatsala kabwalo kotuwa. Anaimba, osalowa. Nambala ya amalume nayo inali itazima.

Tinapita kwa ajenti, anati ndalamazo zinatapidwa nthawi yomweyo. Kupolisi analemba nkhani yathu, koma anatiuza mosabisa kuti manambala otere amalembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, tisayembekezere zambiri. Pobwerera achimwene ankakankha njinga osakwera. Nkhani inali itafika kale pamudzi, ndipo anyamata a pagolosale ankafunsana mokweza kuti ndege ya ku Portugal itera liti. Ndinawatukwana mpaka makolo awo, koma sizinathandize kanthu.

Udzu wofolera sitinamwete chaka chimenecho, poti tinkadalira malata, ndipo pofika nthawi imeneyo tchire linali litapsa kale. Tinayala mapepala apulasitiki pamwamba pa makoma, mphepo inawang'amba. Mvula inabwera yamphamvu, yosakata. Dothi la pakati pa njerwa linayamba kutsika m'makoma ngati phala, ndipo m'mawa wina khoma la kumvuma linagwa lonse. Achimwene anasamukira m'khitchini mwanga, mwamuna wamkulu, mwini mbumba, kugona pafupi ndi mafuwa.

Mvula itakata ndinawapeza pabwinja paja akutola njerwa zosasweka, kuzipala dothi ndi chikwanje, n'kuziunjika pambali. Ndinayamba kuwathandiza. Tinagwira nthawi yaitali. Ndiye ndinati, mwaukali wanga womwewo, Mulungu adzamulanga wakuba ameneyu.

Achimwene anaika njerwa pansi.

"Chemwali, ndikudziwa kuti kunalibe munthu. Ndikudziwa bwinobwino. Koma usamamutchule wakuba ine ndili pomwepo." Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, dothi n'kutsala pachipumi. "Ndamusowa."