Ndalama ya Njinga

Njinga yamoto ija ndinaigula pa ngongole kwa amalume, mwini chigayo ku Bolero. Sukulu ndinali nditaisiyira Fomu 2, ndipo kabaza ndiye inali njira yanga yokha. Tinapangana kuti Loweruka lililonse ndiziwabwezera gawo, ndipo ndikalumpha kawiri adzaitenga n'kupatsa wina.

Tsiku loyamba anandikhazika pansi kuseri kwa chigayo. Anati ndalama ya tsiku ili ndi eni ake anayi, petulo, njinga, ngongole ndi mimba yanga, ndipo azidya motsatana choncho. Ya njinga ndiziwasungitsa iwo madzulo alionse, chifukwa oilo, tcheni ndi matayala zimatha mwakachetechete. Ndinawawidwa mtima. Ndinawauza kuti sindine mwana woti azindisungira ndalama ngati ya sopo. Anangoti yewo, zikomo wa Chitumbuka, n'kubwerera kukagayitsa.

Inali nyengo yogulitsa fodya, ndipo alimi ankakwera osanenerera mtengo. Ndikachotsa ya petulo ndi ya Loweruka, yotsala ndinkaitcha phindu. Ndinagula jekete lachikopa ndi foni, anzanga pa siteji n'kumanditcha bwana. Amalume akafunsa za oilo ndinkayankha mokalipa kuti njinga ndi yatsopano. Tcheni chitayamba kulira ndinkangochikokera kumbuyo kuti chikungike, mano a sipuroketi omwe tcheni chimakolapo akusongoka ine ndikuona.

Fodya atatha, okwera anachepa. Loweruka lina ndinalephera kulipira, ndipo sabata yotsatira tcheni chinaduka pa chitunda, nditanyamula mayi wopita ku chipatala ndi mwana wodwala kumsana. Anatsika nayamba kuyenda wapansi. Ndalama yake ndinali nditalandira kale n'kuthira petulo, moti ndinalibe chomubwezera.

Makaniko anati tcheni chatsopano pa masipuroketi akutha sichikhalitsa, ndigule zonse pamodzi. Atatsegula oilo anapeza wakuda ngati phula, nandifunsa pamaso pa anyamata onse ngati njingayo ndinaitola. Ndinamutukwana, koma m'thumba munalibe kanthu.

Loweruka ndinaikankha mpaka kuchigayo, ndilibenso cholipira kachiwiri. Ndinkayembekeza mkangano, ndipo mawu ndinali nditakonzeratu, koma amalume anangoyang'ana jekete langa.

"Mphwanga, wavala tcheni ndi oilo, ndipo zakukhala bwino," anatero.

Azimayi odikira kugayitsa anaseka chamumtima. Ndinavula jekete lija dzuwa lisanatenthe n'komwe.

Pangano analisunga. Anakonzetsa njinga n'kuipereka kwa mnyamata wina wa ku Henga, ndipo ine anandiika pa chigayo kuti ndalama yokonzetsera ndiibweze ndi thukuta. Anati tidzakambirananso fodya akadzabwera. Miyezi yonse ya mvula ndinkaiona njinga yanga ikudutsa, ine mutu uli mbuu ndi ufa. Madzulo mnyamata uja ankaima pakhomo, n'kupereka ya njinga kwa amalume asanagule ngakhale chitumbuwa. Ankandipatsa moni mwaulemu, ine n'kumayankha maso ali pa thumba la mgaiwa.