Mzere Wachitatu wa Sholo

Zimene ndinataya chaka chimenecho: mkazi wanga, ali ndi zaka 26. Chichewa cha m'nyumba. Munthu wodziwa chimene mwana akulirira. Mbali ya bedi ya kukhoma sinatayike, koma sindinkagonako. Patangopita milungu isanu ndi iwiri, mwana nayenso anapita.

Mwanayo sanamwalire. Anali wamkazi, wa miyezi inayi, ndipo akuchikazi anagamula kuti akakulire kwa agogo ake ku Ntcheu. Sindinatsutse, ndiwo mwambo wathu. Alamu anga, akulu ake a malemu, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways, mu mzinda wa Joni momwe tinkakhala, ndipo anapempha tchuthi kuti amutenge pa basi.

Zaka za m'ma 1980 zinali kutha. Tinkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Troyeville, ine ndikuphunzitsa masamu pa koleji yaing'ono m'tauni. Ali m'chipatala, mkazi wanga anayamba kulukira mwana sholo yozungulira, ya ulusi wachikasu. Anati idzakhala ya mizere 30. Anangoluka iwiri. Manja atayamba kumunjenjemera anandigwiritsa singano yolukira, ija ya kangowe, n'kundiphunzitsa. Masitichi omaliza a mzere wachiwiri tinaluka tonse. "Pa bowo lililonse mulowetse awiri," anatero.

Ndinaganiza zoti mwana asakwere basi opanda sholoyo. Sindinauze munthu.

Ndinawerenga. Mzere woyamba 12, wachiwiri 24. Lamulo ndinali nalo, lochokera pakamwa pake: awiri pa bowo lililonse. Wachitatu unakhala 48, wachinayi 96, wachisanu 192. Wachisanu ndi chimodzi, wa 384, unanditengera masiku atatu. Pamenepo chinthucho chinali chitakana kugona pa tebulo. Chinapindikapindika ngati kabichi. Ndinachisita, chinadzukanso.

Sabata yomweyo ndinkaphunzitsa mindandanda ya manambala: ina imakula powonjezera nambala yomweyomweyo, ina pochulukitsa. Ophunzira atatuluka ndinalemba wanga pa bolodi. Nambala yoyamba 12, yochulukitsira 2. Kuti upeze mzere uliwonse, umachulukitsa 12 ndi 2 maulendo ochepera ndi kamodzi pa nambala ya mzerewo. Wa 10 unatuluka 6,144. Wa 30 unapitirira mabiliyoni asanu ndi limodzi. Ndinabwereza kawiri, yankho lomwelo.

Wophunzira akanandibweretsera zimenezi, ndikanamuuza nthawi yomweyo kuti manambala awiri okha sangakuuze mtundu wa mndandanda, pakuti 12 ndi 24 akhoza kutsatidwa ndi 48 kapena 36. Ndinkanena zimenezo chaka ndi chaka. Koma tsiku limenelo ndinaima pa bolodi ndikuganiza kuti mwina mkazi wanga anati 13, ine n'kumva 30. Ndinawerengeranso wa 13: 49,152. Kenako ndinaganiza kuti mwina malungo ndiwo ankamuyankhulitsa. Ndinafufuta bolodi ndili ndi manyazi kuti ndamuganizira choncho. Lamulo lija sindinalikayikire ngakhale kamodzi, poti analinena ndi iye.

Masana mwana ankatsala ndi mayi wa nyumba yoyandikana nafe. Anabadwira ku Joni konko, bambo awo anali a ku Dedza, anabwera kumigodi osabwereranso. Chichewa chawo chinali chosakaniza. Loweruka lina anabweretsa mwana n'kupeza chinthucho pa tebulo.

"Hawu, aphunzitsi, yini le? Chipewa cha ukwati?"

"Ndi sholo, amayi."

"Sholo ya nkhuku mwina." Anachitembenuza, n'kusiya kuseka atafika pakati. "Apa ndi manja ena."

"Ndi mayi ake mwana."

Anakhala pansi. Ndinawafotokozera za awiri pa bowo lililonse. Ndinatenganso pepala kuti ndiwaonetse mabiliyoni aja, sindikudziwa chifukwa chake.

"Awiriawiriwo ndi a mzere wachiwiri wokha," anatero. "Wachitatu ndi m'modzi, kenako awiri, m'modzi, awiri. Wachinayi m'modzi, m'modzi, awiri. Ukamatalikira pakati, malo owonjezera amatalikirananso. Koma amakhala twelofu basi, mpaka kumapeto."

"Ndiye kuti 36. Kenako 48, kenako 60."

"Zimenezo ndi zanu. Ine sindiwerenga, ndimaona ngati yagona."

"Koma iye anati..."

"Sananame. Anakuuzani za pamene munali." Anandibwezera. "Masulani."

Kumasula n'kosavuta, umangokoka ulusi. Chimene ndinkaopa n'kupitirira. Ndinawapempha amangirire kaulusi kofiira pothera mzere wachiwiri. Masitichi 720 anga anatha m'mphindi zochepa, ulusi uli wopiringizika pansi, mwana akuuyang'ana. Nditafika pa kofiira ndinaima, ndipo kwa kanthawi sindinadziwe ngati ndatsala ndi zochepa kapena zonse.

Kunatsala masiku khumi ndi awiri kuti mwana anyamuke. Tsopano masamu ake anali a mwana wa sukulu. Mzere uliwonse ndi 12 kuwonjezerapo 12 wina pa mzere uliwonse umene wadutsa, choncho wa 30 ndi 12 kuphatikiza ma 12 okwana 29, ndiye 360. Onse pamodzi, umaphatikiza woyamba ndi womaliza, 372, n'kuchulukitsa ndi theka la mizere, 15. Zinakwana 5,580. Manja anga, atazolowera, sankapitirira 400 pa tsiku. Masiku khumi ndi awiri, 4,800. Mizere 27 imafuna 4,536, mizere 28 imafuna 4,872. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwelo kuti sindimaliza, komabe m'mawa uliwonse ndinkawerengeranso ngati kuti manambalawo asintha maganizo.

Ndinkaluka pa nthawi yopuma, m'chipinda cha aphunzitsi. Mnzanga wina wophunzitsa Chingelezi anati, "Mfowethu, m'bale wanga, ukamaliza undilukire masokosi." Ine ndinali pakati powerenga. Tsiku lotsatira anandibweretsera tiyi. Ndinayesanso mu tekisi, koma pa msewu wa Jeppe mabuleki anandithawitsira masitichi asanu.

Mayi aja anati ndiwapatse amalize, iwo masiku awiri akwana. Ndinakana. Atandifunsa chifukwa, ndinati ulusi ungachepe. Limenelo silinali yankho, ndipo iwo sanafunsenso.

Tsiku la ulendo ndinali nditatseka mzere wa 27. Alamu anaiyala pa bedi. Inagona bwinobwino.

"Yatha, alamu?"

"Kwatsala mizere itatu. Masitichi 1,044."

"Ndani akaiwerenge ku Ntcheu?" Anayendetsa chala m'mphepete. "Mumakoka kwambiri, yauma ngati mphasa. Koma ifunda."

Ndinafuna kuwapatsa singano ndi ulusi wotsala kuti akamalize kumudzi. Anakana. Anadula ulusi ndi mano, namanga mfundo, n'kukulunga mwana. Pa siteshoni ndinamunyamula mpaka kondakitala atayamba kukalipa. Pamene ndinkamupereka pa zenera anali m'tulo.

Ndikubwerera, mu tekisi, ndinayamba kuwerengera zaka zimene adzakhale nazo ndikadzapita kumudzi pa Disembala uliwonse, ngati ndidzapite. Ndinasokoneza pa zinthu zosasokoneza. Ndipo pamenepo m'pamene ndinamva bwino mawu a mkazi wanga amene ndinakhala nawo milungu yonseyo. Sindinawaiwale tsiku ndi limodzi lomwe. Ndinkawasunga ngati mawu omaliza, osawayandikira, moti sindinaganizepo kuti ankanena za ntchito imene inali m'manja mwanga. Tsiku lija m'chipatala nthawi yoona odwala inali itatha, nesi ataima pakhomo, ine ndikuika sholo m'chikwama.

"Wachitatuwo musayambe nokha, ndikuonetsani mawa. Pitani, mwana ali ndi njala."