Masitepe Atatu a ku Wodi ya Amai

A Febian Daka, amagetsi pa chipatala china cha mishoni kufupi ndi Nyimba, anali munthu woyenda mwamsanga ngati basi ya ku Chipata ikuwasiya.

M'chaka cha 1989 anapatsidwa kabokosi koyatsa kokha magetsi a m'kolido ya ku wodi ya amai. Kanali kumva kutentha kwa thupi likamadutsa patsogolo pake, ndipo kanali ndi timasikuluu tiwili tosinthila: kena ka nthawi yoti nyali ikhale yoyaka, kena ka mphamvu ya kumva. Amphaka odutsa patsogolo pake anali kuyatsa magetsi mosalekeza, pomwe mababu anali osowa m'masitolo. Choncho a Daka anachepetsa zonse ziwili, nayesa poyenda okha. Anafika kumapeto nyali isanazime, nakhutila.

Patapita masiku anayi, amai Keziah Njobvu, amene anali atangobeleka mwa opaleshoni, anatuluka madzulo kupita kuchimbudzi atagwila khoma. Ali kutali ndi kabokosi, mayendedwe awo apang'onopang'ono sanamvekenso. Nyali inazima ali pa masitepe atatu a kumapeto kwa kolido, ndipo anagwa nathyoka dzanja.

M'mawa a Daka anaima pambali pa bedi la amai Njobvu, chipewa chili m'manja.

“Bambo, munayesa ndi miyendo ya ndani?” anafunsa amai Njobvu mosakalipa.

“Yanga, amai.”

Tsiku lomwelo anakweza mphamvu ya kumva, naika nthawi pa mphindi zitatu, nayesa podzikoka m'mbali mwa khoma, anamwino akuseka. Amphaka anayambanso kuyatsa magetsi, koma sanawadandaulenso. Dzanja la amai Njobvu linapola lopindika, ndipo a Daka akakumana nawo pamsika anali kuwapatsa moni maso ali pansi.