Kachitunda kamene a Dontho anakadumpha

Dzina lawo lenileni limadziwika ku ofesi ya malipiro kokha. Mu labu ya pakoleji onse amati a Dontho, poti chiyambireni ntchito ya utekinishani nyimbo yawo ndi imodzi: dontho, takasa, dikira, lemba. Wophunzira akatsegula mpopi wa byureti, chubu chagalasi chodonthezera mankhwala, ngati akuthirira dimba, a Dontho samukalipira. Amangomubweretsera ndowa mwaulemu n'kufunsa ngati angafunenso sopo.

Phunziro limene ankalikonda kuposa onse linali la amino asidi wotchedwa glayisini. Amamusungunula mu asidi, n'kumadonthezamo soda pang'onopang'ono, mita ikuwerenga pH, muyeso wa asidi m'madzimo, kenako n'kujambula mzere. Mzerewo umayamba chogona, n'kukwera mwadzidzidzi, n'kugonanso. Pogonapo a Dontho ankati ndi pazigwa: uthire soda, pH ingosuntha pang'ono ngati munthu waulesi pampando, chifukwa amino asidiyo akupereka mapulotoni ake n'kumeza sodayo. Pakati pa chigwa ndi pamene pali pKa, nambala yosonyeza mphamvu ya asidiyo. Pokwerapo ankati ndi paphiri, ndipo pakati pa phirilo ndi pamene pali pI, pomwe chaji ya pulasi ndi ya mainasi zafanana.

"Ukafuna pI, kwera phiri," ankatero, n'kusiya ophunzira asochere kaye m'zigwa iwo akuseka chamumtima. Anatchera misampha yotere zaka zambiri, mpaka mzere wa glayisini anasiya kuuwerenga. Ankangoupatsa moni.

Ndiye kunabwera mphunzitsi watsopano wa phunziroli, ndipo sanali wina koma mwana wawo wamkazi, amene kale ankagona pansi pa benchi ya mu labu yomweyo amayi ake akapita kuntchito. Pantchito a Dontho ankamutcha Dokotala, mokokera pang'ono kuti zimuyabwe. Iye ankati a Tekinishani. Kunyumba ankawalanda limoti ya wailesi yakanema ngati kale.

Chaka chimenecho a Dontho anafika msinkhu wopuma. Iwo kupuma ankakuopa kwambiri, poti mkazi wawo anamwalira ndipo nyumba masana inkangoti zii. Anapempha kuti awaonjezere nthawi. Mkulu wa dipatimenti anati adzabwera kudzaona yekha ngati maso ndi mutu zidakali bwino, ndipo Dokotala sangaikepo mawu poti ndi mwana wawo.

Sabata yomweyo Dokotala anasintha mankhwala. "Glayisini watopa, a Tekinishani. Tigwiritse glutamiki asidi. Muyeserere kaye."

"Ine kuyeserera? Dokotala, amino asidi ndinayamba kuwaona inu musanamere mano."

Sanayeserere. M'malo mwake anakonza chionetsero. Amino asidi ameneyu akafika pa pI yake sasungunuka bwino, ndiye anakonza bika, kapu yagalasi, ya glutamiki wochuluka wosungunulidwa mu soda, kuti adzathiremo asidi mpaka pa pI, timibulu toyera tigwe mkuluyo akuona.

Tsikulo ophunzira anadontheza, natakasa, nalemba, mmodzi n'kujambula mzere wa gulu lake pa bolodi. Mkulu uja anakhala kumbuyo atapinda manja. A Dontho anauponyera diso mzerewo ngati munthu wodutsa pakhomo pa mnansi: chigwa chachitali, phiri, chigwa china. Pakati pa phiri panali pH 7.

"Taonani tsono," anatero. "Tifike pa pI, mu bika muno mugwe mvula yoyera."

Anadontheza asidi, mita n'kutsika mpaka pa 7, ndipo anatseka mpopi monyada. Mu bika simunagwe kanthu. Anatakasa. Anakanda m'mbali ndi kandodo kagalasi. Anaiika m'madzi oundana. Madzi aja anali oti munthu n'kuwerengera nyuzipepala kuseri kwake.

Apa mantha enieni anawagwira a Dontho. Mkulu uja anayang'ana wotchi yake.

Dokotala anali ataima pafupi ndi bolodi, nkhope ili phee. Anatola choko n'kunena kwa wophunzira uja: "Iwe, manambala a soda pansipa sakuoneka. Lemba bwino, ena maso ndi akale." Ophunzira anaseka. Mnyamatayo anawadetsa manambalawo, ndipo a Dontho, mokwiya, anawawerenga.

Phiri lija linabwera soda atalowa miyeso iwiri. Chigwa chomaliza chinadya muyeso umodzi wokha. Ndiye kuti chigwa chachitali chija sichinali chimodzi, zinali ziwiri zogundizana, china cha pa 2.2, china cha pa 4.3, poti glutamiki ali ndi magulu awiri a asidi. Pakati pake panali kachitunda kosaoneka bwino, konga mzere wakale wa m'munda. Pamenepo, pa 3.2, ndi pamene chaji zimafanana. Paphiri pamene iwo anaima, glutamiki anali atataya kale pulotoni yachiwiri, ali ndi chaji ya mainasi, ndipo akakhala choncho amasungunuka ngati mchere.

Munthu wina akanapepesa. A Dontho anapukuta magalasi awo pa malaya a labu, n'kutembenuka pang'onopang'ono ndi nkhope ya munthu wokhumudwa ndi ana ake.

"Ndadikira," anatero. "Ndatakasa, ndakanda, ndaziziritsa, kudikira kuti mwina wina andiletse. Kalasi yonseyi palibe? Mwandisiya ndikwere phiri lolakwika inu mukugwedeza mitu?"

Ophunzira anazyolika. Amene anamva za misampha ya a Dontho kwa akuluakulu awo anayamba kugundana zigongono.

"Werengani zigwa. Zilipo zingati?"

Mtsikana wina anayang'anitsitsa n'kuyankha monyinyirika kuti zitatu.

"Zitatu. Ndiye pI ili pakati pa ziti?"

"Ziwiri zoyambazo, bambo. Pamenepo ndiye alibe chaji."

"Phatikiza, gawa pawiri, ubwere udontheze wekha."

Mtsikanayo anadontheza. Mita inatsika msanga mpaka cha pa 5, kenako inayamba kukakamira, asidi akulowa koma pH ikungokwawa. "Chigwa chimenecho, usafulumire," anatero a Dontho, mawu atabwerera m'malo mwake. Atayandikira pa 3.2 anakandanso ndi kandodo kaja. Madzi anachita chifunga, kenako timibulu toyera tinayamba kutsikira pansi pa bika.

Mkulu wa dipatimenti anaomba m'manja yekhayekha. Potuluka anagwira a Dontho paphewa n'kunena kuti kaphunzitsidwe kotere sikapezeka m'mabuku, ndipo chaka china cha ntchito chilipo. A Dontho anavomera modzichepetsa kwambiri, zomwe zinali zachilendo.

Ophunzira atapita anayamba kutsuka mabika. Dokotala anabwera n'kutenga nsalu yopukutira, monga ankachitira ali mwana. Iwo anatsuka, iye napukuta.

"Msampha wa lero unali wabwino, a Tekinishani."

"Zaka, Dokotala. Zaka."

"Mpaka thukuta m'khosi. Mumakonzekera ndithu."

A Dontho anatsukuluza bika imodzi nthawi yaitali kuposa mmene inkafunikira. Anali ndi manyazi, komanso ankamunyadira mwanayu.

"Unadziwa nthawi yanji?" anafunsa motsitsa mawu.

"Pamene munasiya nthabwala, bambo."

Dokotala anatsegula thumba la malaya ake, n'kutulutsa kabotolo ka ufa woyera kopanda dzina, n'kukaika pabenchi pafupi ndi byureti.

"Wa sabata yamawa ndi ameneyu."

"Ndi amino asidi uti?"

"Mzere ukuuzani," anatero, n'kuwapatsa pepala la girafu losalembapo kanthu.

A Dontho anapukuta manja, n'kukokera mpando pafupi ndi benchi.